Ulendo wokaona nyongolotsi zopanda kamwa pansi pa nyanja ya Pacific

Lolemba

Tanyamuka padoko la Manzanillo ku Mexico m'mawa uno, ndipo sitima yaloza kummwera. Komwe tikupita ndi makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kuno, pakati pa madzi okhaokha. Pasikirini ya woyendetsa sitima malowo alembedwa kuti 9°50'N, 104°17'W. Pansi pake, mamita 2,500 kutsika, pali mtandadza wa mapiri otchedwa East Pacific Rise. Pamenepo nthaka ya pansi pa nyanja ikung'ambika, mbali ziwirizo zikumatalikirana ndi masentimita pafupifupi 11 pachaka, ndipo mumng'alumo mukutuluka madzi otentha.

Ife sitimira. Chomira ndi loboti yaikulu yokhala ndi magetsi, makamera ndi manja awiri achitsulo, yomangirira kusitima ndi chingwe chachitali. Anthufe timakhala m'kachipinda kamdima kozizira, kusinthana maola anayianayi, maso ali pasikirini. Ntchito yanga ndi yolemba chilichonse chimene lobotiyo yaona ndi kugwira, komanso kuthandiza m'labu zamoyo zikafika pamwamba. Mutu ukuzungulira pang'ono chifukwa cha mafunde, ndiye ndilekera pomwepa.

Lachitatu

Tafika usiku wathawu, ndipo loboti yamira dzuwa likutuluka. Kutsika kokha kwatenga ola limodzi ndi theka. Madzi anayamba obiriwira, pofika mamita 200 kuwala kunali kutatsala pang'ono kutheratu, ndipo kupitirira mamita 1,000 dzuwa silifikako mpang'ono pomwe. Pansi tinapeza mwala wakuda wonyezimira, chiphalaphala chimene chinauma chitangokhudza madzi ozizira. Kwa nthawi yaitali sitinaone chilichonse choyenda kupatula nsomba imodzi yaulesi. Madzi a kumeneko ndi ozizira madigiri 2, ndipo chakudya chimene chimagwa kuchokera pamwamba chimafika chochepa kwambiri.

Kenako nkhanu zoyera zinayamba kuoneka, imodzi apa, zitatu apo. Woyendetsa loboti anangoti, "Tayandikira, konzekani kulemba." Oyendetsawa amadziwa kuti nkhanu zikayamba kuchuluka ndiye kuti kasupe ali pafupi. Posakhalitsa magetsi anawalira chumuni chachitali cha miyala, chikufuka chinthu chakuda bii.

Chakudacho ndi madzi, ngakhale aliyense pano amati utsi. Madzi a m'nyanja amalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kutsika mpaka kuyandikira mwala wosungunuka umene uli pafupifupi kilomita imodzi ndi theka pansi pa nthakayo. Kumeneko amatentha, amataya okosijeni wawo yense, amasanduka asidi, ndipo amasungunula chitsulo, kopa, zinki ndi salifa za m'thanthwemo. Pobwerera amatuluka ali pa madigiri 350 kapena kuposerapo. Sawira, chifukwa kuya kumeneku madzi amapanikiza kuwirikiza ka 250 kuposa mpweya wa pamtunda. Akangokumana ndi madzi ozizira, zitsulo zija zimagwirana ndi salifaidi, amene ndi mtundu wa salifa wosungunuka m'madzimo, n'kukhala fumbi lakuda. Lina limauluka, lina limamatirira m'mphepete, ndipo chumuni chimakula motero. Akasupe akuda oterewa anaoneka koyamba mu 1979, kumpoto kwa mtandadza womwewu.

Tinalowetsa ndodo yoyezera kutentha pakamwa pa chumunicho, manambala n'kuthamanga kupitirira 350. Ataisuntha kutalika kwa dzanja limodzi lokha, anagwa mpaka pansi pa 10. Pachumunipo pamakhala nyongolotsi zina zazing'ono zaubweya kumsana, zimene zimapirira kutentha kuposa nyama zambiri, koma si zimene tadzera. Zathu zili chapansipo, kumene madzi amangotuluka mwakachetechete m'ming'alu.

Lachinayi

Lero taziona. Loboti inazungulira chulu cha mwala, ndipo kuseri kwake kunali machubu oyera mazanamazana atathithikana, ena otalika kuposa munthu, lililonse lili ndi nthenga yofiira ngati magazi kunsonga. M'buku lathu timalemba kuti Riftia pachyptila, koma pakamwa timangoti Rifitiya. Madzi ozungulira ankanjenjemera, chizindikiro chakuti ofunda akusakanikirana ndi ozizira. Pamene mkono wa loboti unayandikira, nthenga zapafupi zinalowa m'machubu nthawi imodzi, kenako n'kumatuluka pang'onopang'ono.

Tinakhala pamenepo maola ambiri tikuyeza, ndipo ngakhale ntchitoyi ndi yotopetsa kuionera, kwa ine ndi imene ikufotokoza zonse. Ndodo ikaikidwa patsinde pa machubu, mumng'alu momwe, inkaonetsa madigiri oposa 20. Ikakwezedwa kufika pa nthenga, manambala sankakhazikika. Ankakwera kupitirira 10, n'kutsika kufika pa 3, n'kukweranso, zonsezi m'masekondi ochepa. Titaisuntha mamita awiri kumbali, pathanthwe loyera, inangoti 2 osasunthanso, ndipo pamenepo panalibe nyongolotsi ngakhale imodzi. Malire a munda wa Rifitiya ndi akuthwa moti ukhoza kuwajambula ndi choko.

Chifukwa chake n'chakuti nyama imeneyi imafuna zinthu ziwiri zimene sizikhalira pamodzi. Imafuna haidirojeni salifaidi, amene ali m'madzi ofunda a mumng'alu mokha. Imafunanso okosijeni, amene ali m'madzi ozizira a m'nyanja mokha. Ziwirizi zikakumana m'madzi zimadyana zokha, salifaidi n'kutha. Ndiye malo okhawo amene nyongolotsi ingapeze zonse ndi kampata kakang'ono kamene madzi awiriwo angokumana kumene, asanasakanikirane bwinobwino. Kudumphadumpha kwa manambala kuja ndiye umboni wake: funde lofunda likadutsa panthenga, imatola salifaidi, lozizira likadutsa, imatola okosijeni. Ikaphuka mkati kwambiri ibanika, ikaphuka kunja kwambiri ifa ndi njala.

Madzulo loboti inazula gulu limodzi la nyongolotsi n'kuliika m'bokosi lochindikala lotsekeka bwino. Ikukwera tsopano, ifika pakati pa usiku.

Lachisanu

Bokosi litangotsegulidwa m'chipinda chozizira, fungo la mazira oola linadzaza paliponse. Ameneyo ndiye salifaidi. Mayi amene akutsogolera gulu lathu anang'amba chubu chimodzi ndi sizasi kuchokera pansi kupita pamwamba. Chubucho n'cholimba koma chimapindika, ndipo nyongolotsi imachipanga yokha ndi zinthu zofanana ndi za chigoba cha nkhanu. M'kati munatuluka nyama yofewa yonenepa kuposa chala chachikulu, ndipo m'mbale ya labu munadzaza magazi ofiira kwambiri.

"Tafunani kamwa," anatero mayiwo akundipatsa kachitsulo kofufuzira.

Ndinkadziwa kale yankho, komabe ndinafuna. Pamwamba pali nthenga, imene ndi timasamba tambirimbiri topyapyala todzaza ndi mitsempha ya magazi. Pansi pake pali khosi laminofu limene limagwira chubu. Kenako thupi lalitali, n'kumalizira kachidutswa kogwirira pansi. Kamwa palibe, m'mimba mulibe, matumbo mulibe, potulukira chimbudzi palibe.

Atatumbula thupi lalitalilo, munali chiwalo chofewa, chamabulumabulu, chobiriwira motuwa, chodzaza pafupifupi thupi lonselo. Chimatchedwa tirofosomu. M'maselo ake mumakhala mabakiteriya, mabiliyoni pa galamu imodzi yokha, ndipo amenewa ndiwo amapanga chakudya cha nyamayi. Amatenga salifaidi n'kumuphatikiza ndi okosijeni, ndipo pakuphatikizanapo pamatuluka mphamvu. Mayi aja analemba pabolodi mwachidule:

H₂S + 2O₂ → SO₄²⁻ + 2H⁺ + mphamvu

Mphamvu imeneyo mabakiteriya amaigwiritsa ntchito kusandutsa kaboni dayokisaidi kukhala shuga ndi zina zomanga thupi. Gawo lomalizali n'lofanana ndi limene limachitika m'tsamba la mtengo. Chasiyana ndi kochokera mphamvu: tsamba limaitenga kudzuwa, mabakiteriyawa amaitenga kusalifaidi. Nyongolotsi imadya zimene mabakiteriya amatulutsa, ndipo imagayanso mabakiteriya okalamba m'maselo momwemo.

Nyamazi zinapezeka mu 1977 kufupi ndi zilumba za Galápagos, pamene akatswiri a miyala anamira ndi sitima yaing'ono yotchedwa Alvin kukafuna akasupe otentha. Paulendowo panalibe katswiri wa zamoyo, chifukwa palibe ankayembekezera kukapezako nyama zochuluka chotere. Meredith Jones, amene anafufuza thupi la nyongolotsiyi, anapeza timibulu ta salifa m'tirofosomu. Colleen Cavanaugh, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Harvard ku America, atamva zimenezi ananena kuti muyenera kukhala mabakiteriya odya salifa, ndipo mu 1981 anafalitsa umboni wake.

Koma chimene chandigwira mtima lero ndi magazi aja. Mabakiteriya ali mkati mwa thupi, thupi lili mkati mwa chubu, ndiye zonse zimene amafuna ziyenera kuchoka panthenga n'kuyenda m'magazi mtunda woposa mita. Apa pali mavuto awiri. Loyamba, salifaidi ndi poizoni woopsa. Amatseka kachipangizo ka m'maselo kamene nyama iliyonse imapumira, mofanana ndi mmene poizoni wotchedwa sayanaidi amaphera. Lachiwiri ndi lija la dzulo, lakuti salifaidi ndi okosijeni zikakhala m'madzi amodzi zimadyana. Rifitiya inathetsa mavuto onse awiri ndi chinthu chimodzi. Himogolobini wake, chinthu chofiira chija chonyamula okosijeni m'magazi, ndi wamkulu kwambiri kuposa wathu, sakhala m'maselo ofiira koma amangosungunuka m'magazi, ndipo ali ndi malo ogwirira okosijeni ndi malo ena osiyana ogwirira salifaidi. Amamugwira salifaidiyo mwamphamvu moti sapulumuka kukawononga minofu ya nyama, komanso sakhudzana ndi okosijeni panjira. Zimakamasulidwa zitafika kwa mabakiteriya. M'magazi mwa munthu salifaidi wochuluka choncho angamuphe nthawi yomweyo.

Tinatumbula zingapo, ndipo tirofosomu sizinali zofanana mtundu. Zina zinali zowala, zobiriwira mopita kuchikasu, zina zakuda. Ndinafunsa ngati zakudazo zinali zitayamba kuola.

"Ayi, n'zanjala zimenezo," anatero mayiwo. "Onani m'buku mwanu kuti zinali mbali iti ya gulu."

Mabakiteriya akamalandira salifaidi wambiri amasunga wina ngati timibulu ta salifa wachikasu, kuti adzagwiritse ntchito madzi ofunda akadukiza. Timibulu timeneto ndi timene timawalitsa tirofosomu. Salifaidi akachepa kwa nthawi yaitali nkhokweyo imatha ndipo chiwalocho chimada. Choncho munthu wozolowera akangotumbula amadziwa ngati nyamayo inali pamalo abwino kapena pamalo amene mng'alu wayamba kutsekeka. Zithunzi za loboti zinaonetsa kuti zakuda zija zinali za m'mphepete, kumene ndodo inkaonetsa madigiri otsika.

Loweruka

Tsiku loipa. Chivundikiro cha bokosi lachiwiri sichinatsekeke bwino, chubu chimodzi chinapingasa pakamwa pake. Pokwera, loboti imadutsa m'madzi a pamwamba amene kuno ndi ofunda kuyandikira madigiri 30, ndipo imakhalitsamo poyembekeza kukwezedwa m'sitima. Madzi amenewo analowa m'bokosi. Titatsegula, madziwo anali ofiirira ndi magazi, nthenga zili zotuwa ndi zolefuka, ndipo ukazikhudza sizinkathawira m'chubu. Nyongolotsi yamoyo bwino imakhala ndi nthenga yofiira kwambiri ndipo imadzikoka msanga. Izi zangopita mufiriji, zikagwira ntchito zina.

Ngakhale zofika bwino sizikhalitsa pamtunda. Kuti zikhale ndi moyo amaziika m'mitsuko yachitsulo yochindikala, mmene pampu imapanikiza madzi kufika pa mphamvu ya pansi pa nyanja, n'kumalowetsamo madzi osakaniza ndi salifaidi, okosijeni ndi kaboni dayokisaidi pamlingo woyezedwa. Akayeza madzi olowa ndi otuluka, kusiyana kwake kumaonetsa zimene nyamayo yatenga. Umu ndi mmene anadziwira kuti ukasiya kupereka salifaidi, nyongolotsi imasiyanso kukoka kaboni dayokisaidi, ndipo ukamubwezera imayambiranso. Pampuyo ikuchita phokoso usiku wonse kuseri kwa khoma la chipinda changa, ndipo wina ayenera kukhala maso kuiyang'anira.

Lamulungu

Mphepo yakula, loboti sinamire. Tinakhala m'labu tikukambirana, ndipo mnyamata wina wophunzira ananena mawu amene ndimawamva kawirikawiri, akuti zamoyo za pa akasupewa sizidalira dzuwa ngakhale pang'ono, moti litazima izo sizingadziwe. Ine ndimakana mawu amenewa, ndipo wondithandiza ndi mzere uja uli pabolodi. Kumanzere kwake kuli O₂. Okosijeni ameneyu sachokera mumng'alu, chifukwa madzi a mumng'alu alibiretu. Anapangidwa ndi zomera za pamtunda ndi ndere zing'onozing'ono za pamwamba pa nyanja, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Anasungunuka m'madzi ozizira kwambiri a kufupi ndi Antarctica ndi kumpoto kwa Atlantic, madziwo n'kumira chifukwa cholemera, n'kuyenda pansi pa nyanja zaka mazanamazana asanafike kuno. Salifaidi ndi wa pansi pa dziko, inde, koma popanda okosijeni wa kudzuwa Rifitiya singapeze mphamvu iliyonse mwa iye.

Mnyamatayo sanagonje, ndipo mbali ina ali ndi mfundo. M'makoma otentha a chumuni muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaphatikiza haidirojeni ndi kaboni dayokisaidi n'kutulutsa mpweya woyaka wotchedwa mifeni, osafuna okosijeni. Timeneto tingakhale ndi moyo dzuwa litazima. Koma nyama zonse zimene tikuziona pasikirini, nyongolotsi, nkhanu, nkhono ndi nsomba, zimapuma okosijeni. Choona n'chakuti zimakhala kopanda kuwala ndipo chakudya chawo chimapangidwa komweko. Kunena kuti sizidalira dzuwa n'kuwonjezera.

Lachiwiri

Nyanja yadekha, tamiranso, ndipo ulendo uno tatsata mng'alu kulowera kummwera. Tisanafike patali tinaima pamunda wa Lachinayi uja kuti tione zodya nyongolotsi. Nsomba yoyera yotalika, yoterera, inagona pakati pa machubu osasuntha, kenako inatola kankhono kakang'ono pachubu. Nkhanu ina inakwera chubu n'kutsina nthenga isanalowe yonse, n'kuchoka ndi kachidutswa kofiira. Nthenga zambiri m'mundamo n'zodukaduka kunsonga chifukwa cha zimenezi. Shuga wopangidwa ndi mabakiteriya m'kati mwa nyongolotsi amafika kwa nkhanu mwa njira imeneyi.

Patsogolo pake munda unasintha. Machubu anali ochepa, ndipo patsinde pake panali nkhono za zigoba ziwiri, zofiirira, zitaunjikana mpaka kukwirira mng'alu. Ndodo inaonetsa madigiri osafika 10 paliponse. Nkhono zimenezi nazonso zili ndi mabakiteriya odya salifa m'makha mwake, koma zinasunga kamwa ndi matumbo, ndipo zimatha kusefa chakudya m'madzi. Zimathanso kudula ulusi umene zimagwirira pamwala n'kusamukira pena. Choncho madzi ofunda akayamba kuchepa izo zimapirira, pamene Rifitiya, yomwe inamatirira pamalo amodzi ndipo ilibe njira ina yodyera, imafa.

Chapatsogolonso tinapeza mapeto ake: machubu otuwa opanda kanthu atagwa pathanthwe, zigoba zotseguka, nkhanu zochepa zikutolatola, kutentha madigiri 2. Mng'alu unatsekeka ndi miyala imene madzi omwewo amasiya, kapena madzi anapeza njira ina pansi. Mtunda wonsewu, kuchokera pamunda wofiira kufika pamanda amenewa, loboti inauyenda m'kanthawi kochepa.

Lachitatu

Kumira komaliza, ndipo ntchito inali yokasiya zinthu. Taika timiyala todulidwa bwino m'mphepete mwa ming'alu yofunda, pamodzi ndi zoyezera kutentha zodzilembera zokha, chilichonse ndi chikwangwani cha nambala. Ena adzazitenga paulendo wina kuti adzaone zimene zamerapo.

Malo ano ndi amene anaphunzitsa anthu mmene munda wa Rifitiya umayambira. Mu Epulo 1991 ofufuza anamira pompano n'kupeza kuti phiri langophulika kumene, chiphalaphala chatsopano chitakwirira minda, nyongolotsi zina zili zopserera, madzi atayera ndi mabakiteriya. Atabweranso patapita miyezi 11, ming'alu inali ndi nyongolotsi zazing'ono za mtundu wina, Tevnia jerichonana, zimene zimapirira madzi a salifaidi wambiri a kasupe watsopano. Pofika kumapeto kwa 1993 pamalo omwewo panali Rifitiya zotalika mita imodzi ndi theka. Anawerengera kuti chubu chimakula masentimita oposa 85 pachaka, liwiro losowa pakati pa nyama za m'nyanja zopanda msana. Nkhono zinabwera pambuyo n'kuyamba kulanda malo. Kenako cha m'ma 2005 ndi 2006 phiri linaphulikanso, zonse n'kuyambira pachiyambi. Nyama ya pamalo otere iyenera kukula msanga ndi kubereka msanga, chifukwa mng'alu wake sukhala zaka zambiri.

Zatsopanozo zimachokera kuti, popeza zazikulu siziyenda? Rifitiya imatulutsira mazira m'madzi, ndipo mphutsi zake zosaoneka bwino ndi maso zimatengedwa ndi mafunde a pansi. Sizidya panjira, zimadalira mafuta a m'dzira. Ofufuza ataziyesa m'mitsuko yopanikiza pa madigiri 2 anapeza kuti mafutawo amakwana masiku pafupifupi 38, ndipo powerengera mafunde a kuno, zambiri sizipitirira makilomita 100. Zochuluka zimathera pathanthwe lozizira.

Yamwayi imene yagwera pamng'alu wofunda imakhala isanakwanitse kanthu, chifukwa imabadwa yopanda mabakiteriya. Mayi ake sayipatsa. Mabakiteriyawo amakhala paokha m'madzi ndi pamiyala ya pa akasupe, ndipo kale anthu ankaganiza kuti mphutsi imawameza, popeza ikadali yaing'ono imakhala ndi kakamwa ndi katumbo. Mu 2006 zinaoneka kuti amalowera pakhungu, ngati matenda, n'kuyenda mpaka m'minofu ya pafupi ndi katumboko, ndipo minofu imeneyo ndi imene imasanduka tirofosomu. Zikatero khungu limatseka njira kuti ena asalowenso, kamwa ndi katumbo zimafota n'kutha. N'chifukwa chake timiyala tathu tikadzatengedwa adzatiyang'ana pa maikulosikopu mbali zonse: nyongolotsi ya msinkhu umenewu sifika ngakhale milimita imodzi.

Loboti yakwezedwa madzulo ano ndipo akuitsuka ndi madzi opanda mchere. Sitima yatembenukira kumpoto. Mitsuko yachitsulo ija ikhalabe ikugwira ntchito mpaka tikafike padoko, ndipo usiku uno woyang'anira pampu ndine, kuyambira 12 koloko.